Mayi Amene Sanagwirepo Ntchito

Adokotala anafunsa kawiri, ndipo amayi anayankha chimodzimodzi.

"Mayi, pa moyo wanu munagwirapo ntchito yanji?"

"Ine sindinagwirepo ntchito, adokotala. Wogwira ntchito anali bambo akunyumbawa."

"Kumgodi? Kufakitale? Komanga nyumba?"

"Mgodi, ine?" Amayi anaseka, koma kusekako kunathera m'kutsokomola.

Anali atakhala pabedi, kapaipi katalowa m'nthiti mwawo, kakutsitsira madzi achikasu m'botolo. Abambo, amene anakhala pulambala moyo wawo wonse, ankakayang'ana kapaipiko ndi diso la ntchito, ngati akufuna kunena kuti wolumikizayo sanamange bwino.

"Nanga inu bambo, munkagwira mapaipi amtundu wanji?"

"Achitsulo, apulasitiki, ndi asimenti aja akuluakulu."

"Asibesitosi munamugwirapo?"

"Ameneyo ndi wapadenga, si mbali yanga." Kenako abambo anawonjezera: "Koma denga la kwathu ndi lomwelo."

Adokotala anatitengera m'khonde la chipatala. Anati amayi ali ndi khansa ya kachikopa kopyapyala kamene kamakuta mapapo, ndipo khansa imeneyi kawirikawiri imabwera chifukwa chopuma fumbi la asibesitosi. Fumbilo munthu amalipuma ali wachinyamata, matenda n'kudzaonekera ali ndi zidzukulu. Anati madzi awachotsa, ululu auchepetsa, mankhwala ena awayesa, koma za kuchira sanatilonjeze.

"Za dengalo, musalikhudze. Itanani anthu odziwa adzalione," anatero, nesi akuwakodola kale kuti apite kwina.

Abambo anamva mawu amodzi okha: denga.

Ine ndimaphunzitsa masamu, ndipo ndili ndi vuto lakuti funso likapanda kutuluka bwino limandikakamira ngati kanthu kapakati pa mano. M'nyumba ija tinakuliramo tonse, ine, achemwali anga, abambo ndi amayi. Mvula yomweyo inatigogodera padenga lomwelo. Nyumba zonse za mumsewu mwathu zili ndi denga lotero. Nanga denga linawasankha bwanji amayi?

Abambo analibe nthawi ya mafunso. Tsiku lotsatira ndinawapeza atatsamiritsa makwerero pakhoma. Alamu anga, amuna a achemwali, anali atakhala pakhonde akupukuta gilayinda wawo, makina odulira zitsulo, ngati mwana wakhanda. Alamuwa amakonza magalimoto, koma amakhulupirira kuti palibe vuto padziko limene gilayinda sangalidule.

"Loweruka tikuligwetsa," abambo anatero. "Mayi ako akamatuluka adzapeze malata atsopano. Sagonanso pansi pa chinthu chimene chawadya."

"Adokotala anati tisalikhudze."

"Adokotala anakwerapo padenga?"

"Alamu, musavutike," alamu analowerera. "Mabauti achita dzimbiri, ndiye tingodula m'mizere, tiziponya pansi zidutswa, tisese, basi. Pofika masana tikumwa tiyi."

Ana a achemwali amakhala m'nyumba momwemo. Mabedi awo ali pansi pa denga lomwelo, siling'i ya kuchipinda kwawo ili ndi mipata yoti chala chimalowa.

Ndinafufuza mpaka ndinapeza anthu amene ntchito yawo ndi imeneyi. Anabwera mayi wina wamfupi, wa nsapato zazikulu, atanyamula bokosi lapulasitiki. Alamu anamupatsa dzina asanatsike n'komwe m'galimoto: a Fumbi. Iye atamva anangoti, "Ena amanditchula zoipa kuposa pamenepo."

Anazungulira nyumba manja ali kumbuyo, akuyang'ana m'mwamba. Dengalo ndi lotuwa, lokhuthala, la mizere ikuluikulu, ndere zitamera m'makwawa mwake.

"Zaka zake ndi maonekedwe ake zikuloza komweko," anatero. "Koma maso sangatsimikize. Alipo mapepala a denga atsopano ofanana nalo amene alibe asibesitosi. Wonena zoona ndi labotale."

Anatiuza kuti tiime patali. Anavala ovololo yoyera yachipewa, masiki yolimba yogwira nkhope, ndi magolovesi. Anakwera makwerero mpaka m'mphepete mwa denga, koma padenga penipenipo sanapondepo. Anapopera madzi pakona ina imene inali yobenthuka kale, n'kuthyolapo kachidutswa kosaposa chikhadabo, n'kukaika m'kathumba, kathumbako m'kathumba kena. Pobenthukapo anapakapo utoto.

"Mwambo wonsewu chifukwa cha kachikhadabo?" alamu anafunsa.

"Inu mumati mudula ndi chiyani?"

Alamu anamuonetsa gilayinda monyadira. Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Denga ili, mmene lililimu, ulusi wa asibesitosi wamangidwa m'simenti. Likakhala lathunthu, osalipala, osaliboola, wotuluka ndi wochepa kwambiri. Mukalidula louma ndi chimenecho, mumasula ulusi wonse nthawi imodzi. Fumbi limene mudzaone ndi maso si loopsalo. Loopsalo silioneka, silinunkha, silitsokomoletsa. Limayandama m'nyumba inu mutamwa kale tiyi wanu. Mukasesa mumalidzutsanso. Ndipo denga lakale chonchi limabooka munthu akaponda."

"Ndimanga mpango kumphuno."

"Mpango kwa ulusi umenewu uli ngati geti lotsegula."

Abambo sanaseke. "Mayi, akazi anga ali m'chipatala chifukwa cha denga limeneli. Inu mukuti ndilisiye?"

"Ndikuti sindikukhulupirira kuti ndi denga. Sindine dokotala, koma..."

Sanamalize. Maso ake anali atagwera pa maluwa a amayi. M'mbali mwa khonde muli mzere wa miphika yamaluwa, yotuwa, yobulungira bwino, yofanana kukula kwake ngati asilikali. Tinakula tikuiona, moti tinasiya kuiona.

"Miphika iyi munagula kuti?"

Nkhope ya abambo inawala koyamba sabata imeneyo. "Kugula? Zotsala za mapaipi asimenti zimenezo. Tinkayala mapaipi amadzi m'misewu, otere kukula kwake. Ndinkadula ndekha. Taonani kuwongoka kwake, popanda kulemba mzere."

"Munkadula ndi madzi?"

"Madzi a chiyani? Poyamba sowo, kenako makina. Munali m'ngalande, fumbi lili kobo. Pofika madzulo tonse tinkakhala oyera ngati mizukwa, ana ankatithawa."

Mayiyo anavalanso masiki. Anagwada pa mphika wina wosweka mlomo, anapopera madzi, anathyolanso kachidutswa. Atavula zovala zake n'kuzimanga m'thumba, anafunsa motsitsa mawu.

"Ovololo yanu ankachapa ndani?"

"Simenti ndi simenti, mayi," abambo anatero, n'kulowa m'nyumba. Ali pakhomo anatembenuka. "Loweruka, mkamwini. M'mamawa."

Zotsatira zinatuluka Lachisanu. Ndinapita ndekha ku labotale, kachipinda kakang'ono kamene kanali pamwamba pa sitolo ya matayala. Ndinkayembekeza malo oopsa, koma ndinapeza ketulo, kalendala, ndi bambo wina wa magalasi akudya nthochi. A Fumbi anandiuza kuti zonse ziwiri zili naye asibesitosi: denga lili ndi woyera, paipi ili ndi woyera ndi wabuluu.

"Wabuluu ndiye woipitsitsa pa matenda a mayi anu. Mukufuna kumuona?"

Wamagalasi uja anandisendezera mpando. Kachidutswa kanali katatsekeredwa kale pakati pa timagalasi tiwiri. Ndinaika diso pa maikulosikopu.

Sindinakonzekere kuti chingakhale chokongola. Munali mdima, ndipo mumdimamo munali tsitsi lowala, lopotanapotana ngati la mwana wobadwa kumene. Pambali pake panali timasingano towongoka, tina tili m'mitolo, tina tokhatokha. Bamboyo atazunguza kagalasi, mitundu inayamba kusintha, kuwala n'kuzima, kuwala n'kuzima, ngati zinthuzo zikupuma.

"Ndi mwala umenewo," anatero ali kumbuyo kwanga. "Amaukumba pansi. Mwala woti mutha kuuluka ngati thonje. Supsa, suola, suchita dzimbiri. Amene anautulukira ankaona ngati apeza chozizwitsa, ndipo sankanama."

"Nanga umapha bwanji?"

"Mwala wina uliwonse ukasweka umasanduka timibulu. Uwu umang'ambika m'litali. Mtolo uwo mukuuonawo, muugawe pawiri, mupeza ulusi. Muugawenso, ulusi. Mupitirize mpaka makina awa asiye kuona, udakali ulusi."

Masamu amenewa ndimawaphunzitsa chaka chilichonse, kugawa chinthu pawiri osafika pamapeto, ndipo ana amayasamula. Sindinkadziwa kuti pansi pa nthaka pali mwala umene umawachita.

"Ndiye kaulusi kotero kamalowa mpaka pansi pa mapapo," a Fumbi anapitiriza. "Asilikali a m'thupi amabwera kuti akameze monga amachitira ndi fumbi lina. Koma n'katali kuposa iwo, ndipo sikasungunuka. Amalimbana nako, amafa, amabwera ena. Zaka ndi zaka. Mwini thupi akukwatitsa ana, akubzala maluwa, osadziwa kanthu. Ena zimathera m'zipsera za m'mapapo, mpweya n'kumaperewera. Ena khansa. Ena ambiri sizichitika n'komwe, ndipo palibe anganene chifukwa chake uyu osati uyo. Bambo anu akapimitse. Ngati amasuta, asiye."

Diso langa linali lidakali pamenepo, koma ndinkaona zina. Kuseri kwa nyumba yathu kuli kachipinda kochapira, ka windo limodzi laling'ono. Abambo akaweruka ankavulira ovololo pakhomo pake. M'mawa amayi ankalowa nayo, n'kutseka chitseko, ndipo ife tinkangomva phu, phu, phu. Ankaikutumula kaye asanainyike, kuti simenti isalimbe m'beseni. Tikafuna kulowa ankatikalipira. "Tulukani, mundidetsera mayunifolomu." Ankatuluka nsidze zili mbuu.

Funso linatuluka. Aka kanali koyamba kupeza yankho n'kulakalaka ndikanalakwitsa.

Ndinapita kuchipatala masana omwewo. Amayi anali atachotsedwa kapaipi kaja, akupesa tsitsi. Ndinawafotokozera zonse, za mwala, za miphika, za kachipinda kochapira. Ndinawauzanso kuti palibe angalumbire kuti ndi pamenepo, koma kuti adokotala nditawapeza m'khonde anagwedeza mutu n'kunena kuti zoterezi anaziwerengapo kambirimbiri: akazi a anthu ogwira ntchito m'fumbi limeneli.

Amayi anaika chipeso pansi.

"Ndiye bwanji sanandifunse?"

"Anakufunsani, amayi. Kawiri."

"Anafunsa za ntchito. Akanafunsa kuti munkachapa chiyani, ndikanawauza mpaka mtundu wa sopo." Anaseka pang'ono, mosamala, dzanja lili panthiti. "Moti ine ndadwala matenda a kuntchito?"

"Zikuoneka choncho."

"Popanda ngakhale tchuthi."

Anayang'ana pawindo. Sankaoneka okwiya. Ankaoneka ngati munthu amene wauzidwa kuti m'nyumba mwake mwakhala mlendo zaka zonsezi, wosadya, wosalankhula.

"Kanthu kosaoneka," anatero. "Kanalowa iwe usanayambe sukulu, n'kukhala phee kudikira kuti ndione kaye adzukulu. Koma zinthu zinalengedwa, iwe." Anatembenuka. "Bambo ako wawauza?"

"Ayi. Ndikawauza, ziwapha. Ndikapanda kuwauza, mawa akwera padenga."

"Ana ali m'nyumba?"

"Achemwali akuti awatsekera kuchipinda."

"Kuchipinda kwa siling'i yobooka kuja?" Amayi anatenganso chipeso. "Usawauze iwe. Ulibe luso, umalankhula ngati uli pabolodi. Mawa akagwira makwerero undiimbire."

Loweruka kunacha bwino, kopanda mtambo, kamphepo kakuwombera kunyumba za anzathu. Alamu anali atakoka kale waya wamagetsi kuchokera pawindo la kukhitchini, mpango uli kumphuno ngati wakuba wa m'filimu. Ndinawauza zotsatira za labotale, za denga zokha. Abambo anati, "Si ndinanena," n'kuyamba kukwera. Anali atavala ovololo yawo yakale, imene amaisunga m'shedi pamodzi ndi zitsulo.

Ndinaimba foni, ndinakweza mawu, ndinaikweza m'mwamba.

"Bambo a ana," mawu a amayi anamveka pabwalo ponse. "Muli pati?"

"Ndili pansi."

"Mukunama, ndikumva mphepo. Tsikani."

"Mayi, ndikukukonzerani nyumba. Chinthu ichi chakupwetekani."

"Denga lija silinandilakwire. Landisunga ku mvula zaka zonsezi. Mwavala chiyani?"

Abambo anadziyang'ana. "Ovololo."

"Yabuluu ija? Yachigamba pabondo?"

"Yomweyo."

"Chigambacho ndinasoka ine. Inkabwera yoyera, ine n'kuibweza yabuluu, tsiku ndi tsiku. Mukuganiza kuti kuyerako kunkapita kuti?"

Alamu anatsitsa mpango.

"Mapaipi aja sanali simenti yokha," amayi anapitiriza. "Mwana wakaona ndi maso ake. Inu simunadziwe, ine sindinadziwe, amene ankadziwa sanatiuze. Musayambe kulira pamakwerero, mugwa. Fumbi lija ine ndinkalitsekera m'kachipinda kuti ana asade. Sindinkadziwa kuti ndikutsekera chiyani, koma ndinatseka. Ndiye inu lero mukufuna mulitsegulire adzukulu anga, nyumba yonse, ndi makina?"

Abambo anagwira makwerero ndi manja onse. Anayang'ana denga, limene linali pafupi ndi nkhope yawo, lotuwa, lachete, ndere zikuwala ndi mame. Kenako anayang'ana pansi, pa mzere wa miphika. Ndinawaona akuiyang'ana umodziumodzi, monga munthu amayang'anira anzake akale pamaliro.

"Ndinkadula bwino," anatero, mawu ali pansi.

"Munkadula bwino kwambiri. Tsikani."

Anatsika. Atafika pansi anayamba kumasula mabatani, ndipo dzanja lawo linapita lokha paphewa kuti apukute fumbi, monga ankachitira kale. Analiimitsa lili m'malere.

"Iwe," anandiitana. "Muimbire mayi wa nsapato uja. Umufunse kuti chovala ichi ndichivule bwanji."

A Fumbi anabwera ndi anthu awo amayi atatuluka kale m'chipatala. Za denga anati lingathe kudikira, bola lisakhudzidwe, ndipo tsiku lolichotsa adzalichotsa iwo, pepala lililonse lathunthu. Zimene sizikanadikira zinali miphika yosweka, ndi shedi, mmene munali milu ya zidutswa za mapaipi ndi fumbi la zaka zambiri m'makona.

Anatikhazika kutsidya kwa msewu, pakhonde la aneba. Amayi anali pampando, bulangete lili m'miyendo. Anthu aja anazunguliza tepi, anayala mapulasitiki pansi, anatseka mawindo athu onse. Ankayenda pang'onopang'ono, oyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osalankhula zambiri chifukwa cha masiki. Chilichonse ankayamba achinyowetsa. Panalibe chodula, panalibe choponya, panalibe tsache. Mphika uliwonse ankaunyamula ndi manja awiri, kuukulunga m'pulasitiki yokhuthala, kuumata, kuukulunganso, n'kumatapo chizindikiro chochenjeza. M'makona ankapukuta ndi nsalu zonyowa ndi makina awo okoka fumbi, amene a Fumbi anati sefa yake si ya makina a m'nyumba. Zonsezo zinkapita kumalo ake okakwirira, osati kudzala.

Ntchito yonseyo inalibe phokoso. Anthu a mumsewu anaima m'mageti mwawo, nawonso ali chete, akuonerera anthu akuluakulu akunyamula mosamala chinthu chimene palibe ankachiona.

"Ngati akusamutsa bomba," alamu ananong'ona. Gilayinda anali atamusiya kuntchito kwawo.

"Maluwa anga aja apita nawo?" amayi anafunsa.

"Ndidzakugulirani miphika yadothi," abambo anatero.

"Mudzagule. Musadzapange."

Atamaliza, anthu aja anaima papulasitiki. Anapukutana ndi nsalu zonyowa. Aliyense anavula ovololo yake moipindira kunja kukhala mkati, pang'onopang'ono, masiki idakali kumaso, n'kuiika m'thumba. Masiki ndiyo inali yomaliza. M'thumba lomwelo munali kale ovololo yabuluu ya chigamba pabondo.

Abambo anadzuka, anawoloka msewu mpaka pa tepi.

"Mayi," anaitana a Fumbi. "Zovala zanuzo, akachape ndani?"

"Palibe, bambo. Sizichapidwa. Zimapita limodzi ndi fumbi."

Abambo anaima pamenepo, akuyang'ana thumba likumangidwa pakamwa. Atabwerera anakhala pansi, pafupi ndi mpando wa amayi.

"Akuti chiyani?" amayi anafunsa.

"Akuti palibe wochapa."

Amayi anayang'ana anthu aja akukweza matumba m'galimoto, mmodzi akulandira kwa mnzake ndi manja awiri.

"Ndiye ntchito yanga ija anaithetsa," anatero.